Ndidule liti nsonga za tsitsi, nanga ndidule zochuluka bwanji?

*Funso: Ndinasiya rilakisa zaka zitatu zapitazo ndipo tsitsi langa ndi lachilengedwe lokhalokha. Ndimamanga meshi miyezi iwiri, ndikamasula ndimachapa, kubulowa, n'kumanganso. Koma chaka chino chonse tsitsi langoima pamalo amodzi, silikudutsa m'khosi. Nsonga zake n'zokhakhala ndipo chipeso chimakodwa. Ku saluni akuti andidule masentimita asanu komanso ndizibwera masabata asanu ndi limodzi alionse. Mkulu wanga akuti ndisayerekeze, ndizingodzola mafuta a nsatsi. Ndimvere ndani?*

Achemwali, musamvere kalendala ya ku saluni ndipo musamverenso mkulu wanu, ngakhale onsewa akukufunirani zabwino. Chimene chiyenera kulamula sizasi ndi zimene nsonga zanu zikuonetsa mukaziyang'ana pafupi, pamalo owala. Kuchokera pa zimene mwalongosolazi, ndikuona kuti kudula kukufunikadi, ndipo kukufunika tsopano musanamangenso meshi. Koma masentimita asanuwo ndisawavomereze kapena kuwakana ndisanakuphunzitseni kuyeza nokha, chifukwa mwina ndi awiri okha ofunika kuchoka, mwinanso ndi asanu ndithu.

Tiyambe ndi kamvekedwe koti tsitsi laima. Silinaime. Tsitsi limamera kuchokera m'khungu, ndipo kwa anthu ambiri limatalika pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Lathu lopotanali nthawi zambiri limacheperako pang'ono pamenepo, koma likumera ndithu. Umboni mumauona nokha: mukamanga meshi yothina bwino, pakatha masabata asanu ndi atatu imakhala itasunthira kutali ndi khungu, pansi pake patatuluka tsitsi latsopano. Ndiye ngati pansi likutuluka koma kutalika sikukusintha, ndiye kuti kunsonga kukuchoka tsitsi lofanana ndi limene likumera. Mukudula kale tsitsi lanu mwezi ndi mwezi, kungoti amene akudulayo ndi chipeso ndi dilaya, ndipo amadula moipa.

Tsitsi limene likuoneka kunjali lilibe moyo. Mulibe magazi, mulibe mitsempha, n'chifukwa chake kumeta sikupweteka, n'chifukwa chakenso silingadzipoletse likavulala. Tsitsi lililonse lili ndi chikopa chakunja chokhala ngati mamba a nsomba osanjikizana, ndipo mkati mwake muli timaulusi tambirimbiri tomangana pamodzi. Mambawo akamatha chifukwa chopesa, kutentha ndi kukhuzika pa zovala, timaulusi tamkati timatsala poyera n'kuyamba kupatukana. Amene anaonapo munthu akung'amba nsungwi zolukira lichero akudziwa mmene zimakhalira: mpeni umangofunika kunsonga kokha, ikangotseguka mng'alu umayenda wokha kutsata msungwi. Nsonga yogawanika nayo imatero. Mng'aluwo umakwera mpaka mbali imodzi itathyoka, n'kusiya tsitsi lopyapyala lomwe limathyokanso posachedwa.

Ganiziraninso zaka za nsongazo. Ngati tsitsi lanu mukalikoka limafika masentimita 20, nsonga yakeyo yatha pafupifupi zaka ziwiri ili pamutu panu. Yaona meshi kakhumi kapena kuposa, yaona dilaya nthawi zonsezo, yadutsa mphepo ya mwera kawiri ndi dzuwa la mu Okutobala kawiri. Tsitsi la pafupi ndi khungu ndi la dzulodzulo, silinaone kanthu.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi mkulu wanu. Mafuta a nsatsi ndi abwino, inenso ndimawagwiritsa ntchito kunsonga kuti zisaume msanga ndiponso zisakhuzike. Koma sangalumikize tsitsi lomwe lang'ambika kale. Ngakhale mankhwala okwera mtengo a m'mabotolo olembedwa kuti amakonza nsonga, chimene amachita ndi kumata mbali ziwirizo kwa kanthawi, mukachapa zimatsegukanso. Ali ndi ntchito yake patsiku la ukwati pamene mukufuna tsitsi lioneke losalala. Sachiritsa.

Ndikusiyananso ndi a ku saluni pa nkhani ya masabata asanu ndi limodzi. Lamulo limeneli ndi loona kwa munthu wometa sitayilo yaifupi, yemwe akufuna kuti mizere yake isasokonekere. Kwa inu amene mukufuna tsitsi litalike, tawerengani nane. Pa masabata asanu ndi limodzi tsitsi lanu limamera pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, mwinanso osafika. Wodula akamati ndingochotsa pang'ono, kawirikawiri pang'onopo ndi sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Pachaka mupita kasanu ndi katatu, ndipo zonse zimene mutu wanu wameretsa zitsala pansi pa mpando wa saluni. Tsitsi lidzakhala laudongo, koma lidzakhalabe m'khosi momwemo. Ndipo musalole wina akuuzeni kuti kudula kumafulumizitsa kumera. Muzu uli m'khungu sudziwa zimene sizasi yachita kunsonga. Kudula kumangoletsa kuthyoka, basi, ndipo phindu lake ndi limenelo.

Tsopano tione mmene mungadziwire nokha. Musayeze tsiku lomasula meshi, tsitsi lisanachapidwe. Tsiku limenelo tsitsi lililonse limaoneka lowonongeka: lili ndi fumbi, mafuta akale, ndiponso lapindika motsata malukidwe. Komanso mudzachita mantha ndi mulu wa tsitsi lotsalira m'chipeso. Munthu aliyense amathothoka tsitsi pakati pa 50 ndi 100 patsiku, ndipo likakhala lomangidwa silipeza pogwera. Pamasabata asanu ndi atatu limaunjikana lokwana masauzande angapo, n'kutuluka lonse tsiku limodzi. Tolani pang'ono muliyang'ane. Lothothoka mwachibadwa limakhala lalitali, ndipo mbali imodzi lili ndi kamutu koyererako kochokera kumuzu. Loduka limakhala lalifupi, tizidutswa ta sentimita imodzi kapena ziwiri, lopanda kamutu. Mukapesa mutayala nsalu yoyera pamapewa n'kupeza tizidutswa tatifupitifupi tangoti mbwee ngati masamba a tiyi, amenewo ndiye mawu a nsonga zanu.

Ndiye masulani, chotsani zopiringizana ndi zala musanathire madzi, chapani, pakani kondishona, ndipo mulisiye liwume litawongoka. Njira imene ndimaikonda ndi yakale ija yomanga ndi ulusi, kuchokera pansi mpaka kunsonga, n'kugona nalo usiku umodzi. Imawongola tsitsi popanda moto. Ngati mukubulowa, dilaya ikhale pa kutentha kochepa. Kuwongolaku n'kofunika kwambiri pa tsitsi lathu, chifukwa likanyowa limafupika mpaka theka la kutalika kwake kapena kuposa, ndipo nsonga yoipa imabisala mkati mwa mapotedwe.

Mawa lake khalani pakhonde kapena pafupi ndi windo, m'mawa kukuwala. Magetsi a m'nyumba sakwanira. Tengani kachigawo ka tsitsi konenepa ngati chala chanu chaching'ono, kapeseni, mukagwire pakati pa chala cholozera ndi chapakati, n'kutsetsereka pang'onopang'ono kuchokera pansi kupita kunsonga, maso otseka ngati mungathe. Kumayambiriro zala zimayenda bwino. Penapake mumva kusintha: tsitsi liyamba kukhakhala, kukhala ngati udzu wouma, ndipo kachigawoko kamachepa m'zala. Imani pomwepo, tsegulani maso, ndipo muone utali umene watsala kunja kwa zala zanu. Ikani pepala loyera kuseri kwake. Pamene tsitsi lili bwino, pepalalo silioneka. Pamene layamba kuonekera ngati mukuyang'ana kudzera mu sefa, ndiye kuti tsitsi lambiri la m'kachigawoko linathyoka kale lisanafike pamenepo, latsala lowerengeka.

Mukayang'anitsitsa tsitsi limodzilimodzi muona mitundu ya kuwonongeka, ndipo mtundu uliwonse ukukuuzani zosiyana. Pali nsonga yongochita mphanda yaing'ono, ngati lilime la njoka. Imeneyo ndi yoyambirira, ndipo kudula theka la sentimita pamwamba pa mphandayo n'kokwanira. Pali ina yogawanika patatu kapena panayi, nthambi zikutuluka m'mbali ngati nthenga ya nkhuku. Imeneyo yakhalitsa, ndipo chikopa chakunja chinatha mpaka kumtunda kwa pamene nthambi yomaliza ikuonekera, choncho kudula kuyenera kukwererako. Pali timadontho toyera pakati pa tsitsi, pamene tsitsi limapindika mosavuta ngati lathyoledwa. Pamenepo timaulusi tamkati taphulika, ndipo mukangokoka pang'ono limaduka pomwepo. Timadontho timeneti kawirikawiri timabwera ndi moto wambiri kapena kupesa mwankhanza.

Ndiyeno pali timfundo, ndipo ndikuganiza kuti ndi timeneti tikukola chipeso chanu. Tsitsi lopotana kwambiri limadzizungulira lokha n'kudzimanga kamfundo kakang'ono ngati kanjere ka mchenga, kawirikawiri chakufupi ndi nsonga. Simungakamasule. Kamfundo kamodzi kamakola tsitsi loyandikana nalo, chipeso chikafika pamenepo chimakoka, ndipo limaduka ndi labwino lomwe. Timfundo tochepa tili pamutu pa aliyense wa tsitsi lachilengedwe ndipo si chifukwa chodulira mutu wonse. Mumangodula kamodzikamodzi pamwamba pake mukakapeza. Koma ngati kachigawo kalikonse mukagwira mukumva ngati mikanda, nthawi yakwana.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapusitsa anthu ambiri, ndi ife a m'saluni tomwe. Nsonga youma si nsonga yogawanika. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mpaka kukafika m'chilimwe, ndimalandira anthu ambiri ofuna kudulidwa chifukwa nsonga zakhakhala, koma tikachapa n'kusiya kondishona kwa mphindi 20 kapena 30, nsongazo zimafewa n'kupotananso bwinobwino. Zoterozo zinali ndi ludzu chabe. Zogawanika zenizeni zimafewa tsiku lomwelo, koma pofika mawa kapena mkuja zabwereranso mwakale, ndipo mukapota tsitsi pawiri nsonga yake siitsekeka, imangoti nyankhalala ngati tsache lakutha. N'chifukwa chake ndanena kuti muyeze mutachapa ndi kupaka kondishona.

Musayeze malo amodzi okha. Yezani pachipumi, m'mbali zonse ziwiri pamwamba pa makutu, paliwombo ndi kunkhongo. Mudzadabwa kuti manambala ake ndi osiyana. Kunkhongo kumakhuzika ndi kolala, juzi ndi mpango. Paliwombo ndi pamene dzuwa limamenya, ndiponso ndi pamene wobulowa amakanikiza kwambiri chifukwa tsitsi lake ndi lothithikana. Mbali imene mumagonera nayonso imavutika kuposa inzake.

Ndikuuzeni za mayi wina amene anabwera kwa ine ndi nkhani yofanana ndi yanuyi, kuti muone mmene manambala amagwirira ntchito. Tsitsi lake litawongoka linali masentimita 18 paliwombo. Titatsetsereka ndi zala, kutsogolo ndi m'mbali kukhakhala kunkayambira sentimita imodzi ndi theka kuchokera kunsonga. Paliwombo panali masentimita atatu, ndi timadontho toyera tambiri. Kunkhongo kunali anayi, ndipo awiri omalizirawo anali oonekera pepala kwambiri moti tsitsi lake ukanatha kuliwerenga. Akanapita kwa wodula wofuna mzere umodzi wowongoka, akanamuchotsa anayi kapena asanu mutu wonse, chifukwa mzerewo umatsata pamene paipa kwambiri. Ndikuganiza kuti masentimita asanu anu achokera pamenepo, ndipo si bodza ayi, ndi kaonedwe ka munthu amene akuganiza za tsitsi lowongoka logwera pansi.

Koma mayiyu savala tsitsi lake lowongoka. Amaluka, amapota, kapena amalisiya lotukumuka, ndipo pa tsitsi lotere kusiyana kwa masentimita awiri ndi theka pakati pa kutsogolo ndi kunkhongo palibe amene angakuone. Ndiye tinadula chigawo chilichonse monga mwa vuto lake: awiri kutsogolo ndi m'mbali, atatu ndi theka paliwombo, anayi ndi theka kunkhongo. Mwaona kuti paliponse ndinawonjezera theka la sentimita pamwamba pa malo amene zala zinaima. Ndimatero chifukwa kuwonongeka kumayamba kusanaoneke ndi maso, ndipo sizasi iyenera kudutsa pa tsitsi lolimba. Mukadula pakati pa malo owonongeka, mwangopanga nsonga yatsopano pa tsitsi lofooka kale, ndipo pakatha masabata ochepa igawanikanso. Kumeneko ndiye kutaya kawiri.

Anabweranso patatha miyezi inayi. Tsitsi linali litamera pafupifupi masentimita atatu ndi theka, ndipo tizidutswa tija tinali titachepa kwambiri pa nsalu. Tsiku limenelo ndinangoyepula theka la sentimita. Werengani: atatu ndi theka kuchotsapo theka, atsala atatu, pa miyezi inayi. Akapitiriza choncho, pachaka amasunga masentimita asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi, pamene kale sankasunga kalikonse. Chaka choyamba mbali ina ya phindulo imangobwezera zimene tinadula, ndipo ndinamuuziratu zimenezi kuti asakhumudwe. Inunso ndikukuuziranitu.

Mwina mtima wanu sungalole kuti anayi achoke tsiku limodzi. Ndimamvetsa, zaka zitatu si masewera. Njira yapakati ilipo, koma ili ndi malire ake. Ngati mbali yowonongekayo ndi yokhakhala chabe, yokhala ndi mphanda zing'onozing'ono, mungathe kudula theka lero, theka linalo pakatha miyezi iwiri kapena itatu, pakatipo mukusunga nsonga zobisika m'malukidwe a tsitsi lanu lomwe, osaliyandikiza ku moto. Koma mbali yoonekera pepala ija, ndi paliponse pamene pali timadontho toyera, musazengereze nayo. Imeneyo idzachoka ndithu, mufune musafune, ndipo pochokapo imakola ndi kuthyola tsitsi labwino. Ndaonapo anthu akusunga masentimita atatu a tsitsi lowerengeka, n'kudzataya asanu ndi limodzi chaka chisanathe.

Za chida chodulira ndilankhule mosabisa, chifukwa pamenepa ndinalakwitsapo ine mwini. Ndikuyamba ntchito, ndinkadulira sizasi imodzi yomweyo tsitsi la anthu, meshi, ulusi, ngakhale mapepala a katundu. Ndinkadabwa kuti makasitomala ena ankabwera patangotha mwezi nsonga zitayera ndi kugawanikanso, ndipo ndinkawanena kuti sakusamala kunyumba. Vuto linali m'manja mwanga. Sizasi yobuntha sidula, imatafuna. Imaphwanya nsonga n'kuisiya yotseguka. Meshi imabunthitsa sizasi msanga kwambiri. Choncho gulani sizasi yatsitsi, ngakhale yotsika mtengo, muibise kumene ana sangaipeze, ndipo isakhudze china chilichonse. Poiyesa, tengani tsitsi lothothoka kale mulidule ndi kunsonga kwa sizasiyo. Likaduka kamodzi n'kamodzi, ili bwino. Likapindika n'kulowa pakati pa mipeni iwiriyo, musaiyandikize kumutu. Lezala ayi, chifukwa limadula mopendekera n'kusiya nsonga yopyapyala. Kuwaula nsonga ndi kandulo, kumene ena amakutama, ndikukukanizani kwamtuwagalu: moto ndi umene unayambitsa vutoli. Ndipo ku saluni muli ndi ufulu wofunsa ngati sizasi imene yatengedwayo ndi yomwe amadulira meshi.

Dulani tsitsi louma, lowongoka, lopesedwa bwino. Tsitsi lathu likanyowa limatambasuka mukalikoka, ndipo simukoka mofanana nthawi zonse, ndiye likauma mumapeza mbali ina yafupika kuposa mmene mumaganizira. Gawani mutu panayi, mumange zigawo zitatu, chachinayicho muzitengamo tizigawo tating'ono tonenepa ngati chala. Kokani kachigawo kalikonse molunjika kuchokera pakhungu, gwirani pamalo amene mwasankha, dulani kunja kwa zala, modutsa osati mopendekera. Potenga kachigawo kotsatira, phatikizanipo pang'ono tsitsi lomwe mwadula kale kuti likhale muyezo wanu. Kutsogolo ndi m'mbali mungathe nokha pagalasi. Kunkhongo pezani munthu, chifukwa pamenepo manja amanama.

Pali njira ina yosavuta imene ambiri amaikonda: kupota tsitsi lonse pawiripawiri, timapote tating'ono, n'kudula kansonga kopyapyala ka kapote kalikonse. Ndi yabwino poyepula theka la sentimita pakati pa chaka. Siyokwanira pa ntchito yaikulu ngati yanuyi, chifukwa tsitsi lalifupi lomwe lagawanika limabisala mkati mwa kapote, sizasi osalipeza.

Mukasankha kubwerera ku saluni, musanene kuti mungochotsa pang'ono. Mawu amenewo alibe muyezo, pang'ono wanu si pang'ono wa wodula. Pitani mutayeza kale, muonetse ndi zala kapena tepi ya telala: apa awiri, apa atatu, kunkhongo anayi. Pemphani kuti ayambe ndi kachigawo kamodzi, akuonetseni zimene zadukazo m'dzanja, kenako apitirize. Wodula wodziwa ntchito sakwiya nazo zimenezi. Akakuuzani kuti pakufunika zambiri, akuonetseni pa tsitsi lenilenilo pamene akuona vuto, inu mugwire ndi zala zanu. Mwina aona zimene simunazione, makamaka kumbuyo, ndipo akakuonetsani mumvereni.

Nanga pambuyo pake muzidula liti? Muziyeza nthawi iliyonse mukamasula meshi, koma kuyeza si kudula. Kwa munthu wa tsitsi lachilengedwe amene sagwiritsa ntchito moto kawirikawiri, ndimaona kuti miyezi itatu kapena inayi imadutsa nsonga zisanafune sizasi, ena mpaka isanu ndi umodzi, ndipo zochotsa zimakhala theka la sentimita kapena imodzi. Amene ali ndi rilakisa, kapena opaka utoto woyeretsa tsitsi, nsonga zawo zimatha msanga, ndipo ambiri amafuna kuyepula miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, nthawi imene akuwonjezera mankhwala pa tsitsi latsopano. Chizindikiro chimene sichinama ndi nthawi yopesera. Ngati kupesa kumene kunkakutengerani mphindi khumi kwayamba kutenga theka la ola, ndipo chipeso chikuyenda bwino pansi koma kukodwa kunsonga kokha, musadikire tsiku la pa kalendala.

Nthawi yabwino yodulira ndi musanamange, osati kunena kuti ndibisa kaye m'meshi ndidzaona ndikamasula. Nsonga zogawanika zikalukidwa pamodzi ndi meshi kwa miyezi iwiri zimauma, zimakhuzika ndi ulusi wa pulasitikiwo, ndipo pomasula zimakolana. Palinso kanthu kena kamene kamachitika pomaliza kumanga: womanga amadutsa ndi sizasi m'mbali mwa chingwe chilichonse kuchotsa tatsitsi totuluka kuti meshi ioneke yosalala. Tina mwa tatsitsi timeneto ndi tanu, ndipo takhala tikudulidwa paliponse pamene tatulukira, ena amawaula ndi moto kumene. Muwauze kuti ayeretse kuyambira pamene tsitsi lanu lathera kupita kumunsi. Pomasulanso, musadule meshi mongoganizira. Tsitsi lanu lili lalitali kuposa mmene mukulikumbukirira, ndipo ndaonapo anthu akudzidula okha masentimita angapo tsiku lomasula.

Ndikanakhala kuti ndakusiyani apa, mukanadula bwino koma n'kubwereranso pomwepa chaka chamawa, chifukwa ndondomeko yanu ili ndi malo amodzi amene ndikuwakayikira kwambiri: kumasula, kubulowa ndi kumanganso nthawi yomweyo. Kubulowa kwa musanamange kumachitika mothamanga, dilaya ili pa moto wonse, chipeso chake chikukokedwa pa tsitsi lonyowa lomwe silinamasulidwe bwino. Kaphokoso ka thethethe kamene mumamva pamenepo ndi tsitsi likuduka. Pitani ku saluni mutawongola kale ndi ulusi, kapena muumirire kuti apese ndi chipeso cha mano otalikirana kuyambira kunsonga kukwera kumizu, tsitsi lili ndi kondishona, ndipo dilaya ibwere tsitsi litayamba kale kuuma. Lipatseni tsitsi sabata imodzi kapena awiri lisanamangidwenso, ndipo meshi isapitirire masabata asanu ndi atatu. Usiku mangani duku yoterera ya satini, chifukwa chitenje ndi pilo wa thonje zimamwa mafuta ndi kukhuza nsonga. Mafuta a nsatsi a mkulu wanu aja alowe apa: pang'ono chabe kunsonga, pamwamba pa tsitsi lonyowetsedwa kale ndi madzi, popeza mafuta paokha sanyowetsa, amangotsekera chinyezi chimene chilipo.

Pali mavuto ena amene sizasi singawathandize, ndipo poyeza paja muwayang'anenso. Ngati tsitsi likuchepa m'mphepete mwa chipumi ndi pamwamba pa makutu, vuto ndi kuthina kwa malukidwe, ndipo zikapitirira muzu umafa osameranso. Ngati paliwombo payamba kuoneka khungu losalala, pakuyabwa kapena kupweteka, kapena pali zigamba zozungulira zokhala ndi mfundu ngati chipere, pitani kuchipatala akakuoneni a matenda a pakhungu, ndipo musachedwe. Ngati tsitsi lotuluka ndi lalitali, lokhala ndi kamutu koyera, ndipo likutuluka lambiri tsiku ndi tsiku ngakhale simunamange, ganizirani ngati mwabereka miyezi ingapo yapitayo, mwadwala kwambiri, kapena magazi ndi ochepa m'thupi. Zimenezo n'zoyezetsa kuchipatala, si za ku saluni.

Mukadula ulendo uno, tengani tepi muyeze kachigawo kamodzi paliwombo ndi kena kunkhongo, tsitsi lili lowongoka, mulembe manambalawo ndi tsiku lake kuseri kwa kope. Mukamasula meshi yotsatira muyezenso malo omwewo. Pa miyezi iwiri muyenera kupeza kuti lawonjezera sentimita imodzi ndi theka kapena awiri. Mukapeza kuti nambala sinasunthe, ndipo tizidutswa tatifupi tikadagwabe pa nsalu, ndiye kuti mwina sizasi sinafike pa tsitsi lolimba, kapena dilaya ikadali pa moto wonse, ndipo muyambe mwayang'ana dilayayo musanadulenso.